Mmene tinasamutsira mauthenga a gulu la m'dera kuchoka pa WhatsApp kupita pa Telegram

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni ndi makompyuta ku Limbe, koma ya mu Juni 2025 iyi sinali ya sikuludiraiva. Anandipeza ndi akomiti a gulu lina la anthu okhala m'munsi mwa phiri la Soche. Gululi linayamba mu 2019 ndi mabanja ochepa ouzana za akuba ndi za madzi, kenako linakula n'kukhala malo olengezera maliro, otolera chipepeso ndi ndalama za alonda a usiku. Pofika chaka chimenechi linali litadzaza. WhatsApp salola anthu oposa 1,024 m'gulu limodzi, ndipo adimini ankachita kutulutsa munthu wosayankhula kuti alowetse mlendi watsopano. Komiti inagwirizana zopita pa Telegram, pomwe gulu limatha kufika anthu 200,000. Chisankhocho anali atapanga kale. Ine anandifunsa chinthu chimodzi: zakale zisatayike.

Wapampando, bambo achikulire amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi, anaika foni yawo patebulo n'kunena kuti, "Achimwene, zonse zili umu. Mungokopera." Ndinawapempha kuti tisayambe ndi foni. Tinatenga pepala, ndipo ndinafunsa kuti ndi zinthu ziti zimene zitasowa anthu akhoza kukangana. Zinatuluka zinayi: ndani anapereka chipepeso pa maliro ati, ndalama za alonda mwezi ndi mwezi, maminitsi ndi malamulo a gulu, komanso mndandanda wa mabanja amene analandira thandizo namondwe wa Freddy atawononga mu Malichi 2023. Zina zonse, moni wa m'mawa, mavesi, malonda a kaunjika, mavidiyo a mpira, anati zikapita zipite.

Malire a Export chat

Njira imene WhatsApp amapereka ndi imodzi. Pa Android mumatsegula gululo, n'kudina timadontho titatu pamwamba, kenako `More`, kenako `Export chat`. Foni imakufunsani ngati mukufuna `Without media` kapena `Include media`. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti njirayi ili ndi malire: popanda zithunzi imatulutsa mauthenga 40,000 omalizira, ndi zithunzi imatulutsa 10,000 omalizira. Imawerenga kuchokera lero kubwerera m'mbuyo, ndipo ikafika pamalire imangoima osakuuzani kuti yasiya zina. Bakapu ya pa Google Drive sithandiza pano, chifukwa ndi yokhoma ndipo imatseguka mu WhatsApp mokha.

Tisanayambe ndinaona kaye pa tsamba la zambiri za gulu ngati `Advanced chat privacy` ndi yoyatsa, chifukwa ikakhala yoyatsa kutulutsa mauthenga kumakanika kwa aliyense. Inali yozima. Ndinaonanso `Disappearing messages`, nayonso yozima, ndipo mlembi anati sanaiyatsepo.

Tinatulutsa popanda zithunzi pa foni ya msungichuma, n'kutumiza fayilo ku laputopu. Ndi fayilo ya malemba wamba, uthenga uliwonse umayamba ndi tsiku, nthawi ndi dzina. Chinthu choyamba chimene ndimachita ndi kuona mzere woyamba ndi kuwerenga mauthenga:

```
head -n 3 gulu1.txt
grep -cE '^[0-9/]+, [0-9:]+ - ' gulu1.txt
```

Mzere woyamba unali wa Ogasiti 2023. Gulu lija linkalemba mauthenga pafupifupi 60 patsiku, ndiye 40,000 aja anangokwana miyezi 22. Mndandanda wa Freddy unali kunja, zaka zinayi zoyambirira zinali kunja. Titayesa ndi zithunzi, fayilo inangofika mu Febuluwale 2025. Wapampando anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali.

Mnyamata wina wa m'komiti anati tifufute mauthenga atsopano pa foni imodzi kuti malire aja abwerere m'mbuyo. Nzeruyo ndi yoona pa masamu, koma ndinakana. Kusankha mauthenga masauzande ndi chala pa foni ya munthu amene akusunga ndalama za anthu, chala chimodzi chikaphonya, mwawononga chinthu chimene munabwera kudzapulumutsa.

Njira inapezeka kwa anthu amene anachoka. Munthu akatuluka m'gulu la WhatsApp koma osafufuta gululo pa foni yake, mauthenga amakhalabe mpaka tsiku limene anatuluka, ndipo `Export chat` imagwirabe ntchito. Kwa iye mauthenga 40,000 omalizira amayambira pa tsiku lotulukalo. Tinafunsa m'gulu ndi kutchalitchi, ndipo patatha masiku anayi tinapeza awiri. Mayi wina anatuluka mu Novembala 2023 atasamukira ku Bangwe. Fayilo yawo inabwerera mpaka Meyi 2022, ndipo Freddy yense anali momwemo. Wina ndi bambo amene anapita ku Lilongwe mu Julayi 2022, yawo inafika kumayambiriro kwa 2020. Mafayilo atatuwa analumikizana, iliyonse ikupitirira pang'ono pa inzake. Ndinatsimikiza malo olumikizirawo pofufuza uthenga umodzi wa maliro m'mafayilo awiri oyandikana, kuona kuti uli konsekonse ndi mawu ofanana.

Za 2019 sitinazipeze m'fayilo. Zinali pa foni ya mlembi, amene wakhala m'gulu chiyambire, ndipo tinagwiritsa ntchito kusaka ndi tsiku mu WhatsApp momwemo n'kujambula sikirinishoti ya malamulo oyambirira ndi maminitsi atatu. Zina za chaka chimenecho tinazisiya.

Fayilo ya mayi a ku Bangwe inatsala pang'ono kutisocheretsa. Foni yawo inaikidwa pa Chingerezi cha ku America, chimene chimayamba ndi mwezi, tsiku pambuyo. Uthenga wa `3/11/23` mlembi anaulemba m'kope kuti 3 Novembala, pamene unali wa 11 Malichi. Kuzindikira n'kosavuta: tsikani m'munsi mpaka mupeze nambala yoposa 12. Tinapeza `3/14/23`, ndipo kulibe mwezi wa 14. Fayiloyo inalinso ndi maola a `AM` ndi `PM`, ndiye lamulo langa lowerengera lija linabweza ziro mpaka nditalisintha. Mafayilo oyambirira sindinawakhudze. Ndinakopera, n'kukonza masiku pa kope, oyambirira n'kuwasunga mmene anatulukira pa foni.

"Ndalandira"

Apa ndi pamene tinathera sabata yathunthu, ndipo ndi pamene ndikanalakwitsa ndikanangothamangira kusamutsa.

Mmene gululi linkatolera ndalama ndi motere. Maliro akalengezedwa, munthu amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala ya msungichuma, n'kuponya sikirinishoti m'gulu. Msungichuma, mayi wogulitsa nsomba zouma amene sataya nthawi ndi kulemba, amayankha pa sikirinishotiyo ndi mawu amodzi: "Ndalandira." Kuyambira chapakati pa 2022 nthawi zambiri salembanso, amangoika kachala koloza m'mwamba pa uthengawo. Pa sikirini ya foni zonsezi zimamveka bwino, chifukwa yankho limaoneka litagwirana ndi uthenga umene likuyankha.

M'fayilo zimenezi kulibe. Sikirinishoti imasanduka mzere wakuti `<Media omitted>`. Yankho limatuluka lokha, popanda chosonyeza kuti likuyankha ndani. Kachala kaja sikatuluka n'komwe. Pa tsiku la maliro a mwana wina mu Okutobala 2024 fayilo inaonetsa anthu 31 ataponya zithunzi motsatizana, kenako "Ndalandira" kasanu ndi kawiri, kenako zii. Munthu wowerenga fayilo yokha anganene kuti anthu 24 sanalandiridwe. Titatsegula tsiku lomwelo pa foni, 22 mwa iwo anali ndi kachala. Awiri otsalawo anali zithunzi za pologalamu ya maliro.

Tsono ndinauza komiti kuti fayilo si umboni wa ndalama, ndi chala cholozera pamene umboni uli. Ndinaigwiritsa ntchito kupeza masiku ofunika:

```
grep -n -i -E 'ndalandira|ndatumiza|chipepeso|alonda' gulu1.txt > ndalama.txt
```

Kuchokera pamenepo tinapanga mndandanda wa masiku a maliro 46 ndi masiku otolera za alonda. Madzulo aliwonse msungichuma, mlembi ndi ine tinkakhala pakhonde la wapampando. Ine ndimatchula tsiku, mayi aja amalitsegula pa foni, mlembi amalemba mu sipuledishiti: tsiku, dzina, ndalama, maliro a ndani, ndi mtundu wa chitsimikizo, kaya mawu, kachala, kapena palibe. Pamene chithunzi chinali chitafufutidwa pa foni ya msungichuma, chifukwa foni ikadzaza mdzukulu wawo ankaiyeretsa, tinkayang'ana pa foni ya mlembi. Zithunzi zimene munthu sanazitsitse nthawi imeneyo, kapena anazifufuta kalekale, nthawi zambiri sizitsitsikanso. Mumangoona chithunzi cha chimbuuzi ndi uthenga wakuti mupemphe amene anatumiza atumizenso.

Pomaliza panatsala zopereka 58 zopanda chitsimikizo chilichonse. Msungichuma anali ndi kope la chikuto cholimba, lothimbirira mafuta a nsomba m'mphepete, ndipo 41 mwa izo zinali momwemo. Zina 12 tinazipeza pa mauthenga a ndalama amene amalowa pa foni. Zisanu zinatsala. Komiti inaganiza zowakhulupirira anthuwo, ndipo mu sipuledishiti tinalemba poyera kuti zavomerezedwa ndi komiti popanda umboni. Ndinakonda kuti sanabise.

Mndandanda wa Freddy unali wosavuta pang'ono chifukwa mbali yaikulu inalembedwa ngati uthenga wa malemba, maina ndi manambala a nyumba, ndipo unatuluka wonse m'fayilo. Vuto linali lakuti unatumizidwa kasanu ndi kamodzi, uliwonse ndi maina owonjezera, ndipo wina unali ndi maina ochotsedwa. Tinasunga yonse ndi masiku ake, osasankha umodzi kuti ndiwo woona. Maminitsi ena anali mauthenga a mawu a wapampando. Pa Android amenewa amakhala mu foda ya `Android/media/com.whatsapp/WhatsApp/Media`, maina awo amayamba ndi `PTT-` kenako tsiku, choncho ndinatha kuwapeza ndi tsiku la msonkhano. Mlembi anawamvetsera n'kuwalemba.

Kulowetsa mu Telegram

Telegram anayamba kulandira mauthenga ochokera pa WhatsApp mu Januwale 2021. Mumachita `Export chat` yomwe ija, koma pa mndandanda wa kotumiza mumasankha Telegram, kenako gulu limene mukufuna kuti alowe. Wolowetsayo akhale adimini wa gululo. Mauthenga amaoneka ndi dzina la wolemba ndi tsiku lake lakale, koma dzinalo ndi malemba chabe, silimangika ku akaunti ya munthuyo. Mayi amene analemba uthenga mu 2024 sangaufufute kapena kuukonza, ndipo aliyense amene ali m'gulu amauona.

Ndinayesa kaye m'gulu la anthu awiri, ine ndi mlembi, ndipo kuyesaku kunatipulumutsa ku manyazi. Maina amene amatuluka ndi amene ali pa foni ya wotulutsayo. Msungichuma anasunga anthu mmene amawadziwira iwo: "Amayi a tomato", "Wa njinga wamwano", ndi wina amene anangolembedwa kuti "Wangongole osayankha". Anthu amene sanawasunge anatuluka ndi manambala awo athunthu oyamba ndi +265. Mayi aja anaseka mpaka misozi, kenako anati, "Mwana wanga, zimenezi zikanaoneka ndikanasamuka m'dera muno." Tinakhala pansi n'kukonza maina 70 ndi kena pa foni yawo, n'kutulutsanso fayilo.

Kuyesa kuja kunandisinthitsanso maganizo pa komwe mauthenga akalewa apite. Poyamba komiti inkafuna alowe m'gulu latsopano la anthu onse. Ndinatsutsa pa zifukwa zitatu. Choyamba, m'mauthenga 40,000 muli manambala a anthu, matenda a anthu, mikangano ya malire a poloti imene inatha kale, ndipo pa WhatsApp mlendi wolowa lero sakanaziona. Chachiwiri, magulu a Telegram amasungidwa pa makompyuta a kampaniyo ndipo sakhomedwa mmene a WhatsApp amakhomedwera kuti awerenge otumiza ndi olandira okha. Ndinafotokoza zimenezi ku komiti momveka, kuti asankhe akudziwa. Chachitatu ndi cha dongosolo: mauthenga olowetsedwa amasanjika ndi masiku awo akale ngati gululo ndi latsopano kapena lili ndi mauthenga osakwana 1,000. Mukalowetsa m'gulu limene anthu acheza kale kwambiri, zakale zimangounjikana pa tsiku limene mwalowetsa.

Tinapanga magulu awiri. Loyamba ndi nkhokwe, la anthu a komiti asanu ndi anayi okha, lopanda kucheza. Mmenemo tinalowetsa fayilo ya msungichuma yopanda zithunzi, ya Ogasiti 2023 mpaka Juni 2025. Sitinalowetsenso ya zithunzi pamwamba pake, chifukwa miyezi yomalizira ikanaoneka kawiri. Mafayilo a anthu awiri ochoka aja sitinawalowetse ngati mauthenga. Zikanafuna kuwapanga maadimini anthu amene si a m'gulu, ndipo malo olumikizira akanabwerezedwa. Tinangowaika mu nkhokwe ngati mafayilo, loyambirira ndi lokonzedwa masiku. Zithunzi zofunika, pafupifupi 600, ndinaziika m'mafoda a chaka ndi maliro n'kuzitumiza zitamangidwa mu zipi.

Kulowetsako kunakanika ulendo woyamba. Magetsi anazima, netiweki inafooka, ndipo foni inaima pakati. Sindinapitirize pa gulu lomwelo. Ndinalifufuta, n'kupanga lina, n'kuyambiranso m'mawa pa Wi-Fi ya kushopu kwanga, foni ili pa chaja, sikirini yosazima. Zitatha ndinaona uthenga woyamba ndi womaliza, kenako mlembi anatchula masiku 20 mwachisawawa, tsiku lililonse tikuyerekeza foni ndi nkhokwe. Onse anagwirizana. Ndi Telegram ya pa kompyuta ndinatulutsanso nkhokweyo kudzera pa `Export chat history`, kuti gululi likadzafuna kusamukanso lisadzayambire pa ziro.

Gulu lachiwiri ndi la anthu onse, ndipo linayamba loyera. Tinapanika pamwamba zinthu zinayi zokha: malamulo, maminitsi a chaka chimenecho, sipuledishiti ya zopereka yosandutsidwa PDF yopanda manambala a foni, ndi nambala yotumizira ndalama. `Chat history for new members` tinaika pa `Visible`, kuti wolowa mochedwa azipeza zolengeza. Linki yolowera tinaipanga yodikira chilolezo cha adimini. Mndandanda wa Freddy unakhala mu nkhokwe, chifukwa mabanja ena sakanafuna kuti dera lonse likumbutsidwe kuti anapatsidwa bulangeti.

Mafayilo oyambirira atatu ndinawatengera chidindo cha manambala ndi lamulo ili, n'kusindikiza zotulukazo papepala, wapampando ndi mlembi n'kusaina:

```
sha256sum gulu1.txt gulu2.txt gulu3.txt
```

Ndinachita zimenezi chifukwa fayilo ya malemba aliyense akhoza kuitsegula n'kusintha K5,000 kukhala K50,000, ndipo chilembo chimodzi chikasintha, chidindocho chimasinthanso. Mafayilo ali pa mafulashi awiri, ina kwa wapampando, ina kwa mlembi.

Anthu

Mauthenga anasamuka m'mawa umodzi. Anthu anatenga miyezi iwiri, ndipo si onse anabwera. Ambiri m'derali amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo Telegram sinkatseguka pa bandulo imeneyo. Ena mafoni awo analibe malo oikira pulogalamu ina. Achinyamata awiri ankakhala pa golosale Loweruka lililonse kuthandiza anthu kuika, kuzimitsa zotsitsa zithunzi zokha kuti data isathe, ndi kubisa nambala pa `Privacy and Security`. Ankawauzanso kuti nambala yachinsinsi imene imabwera polembetsa asauze aliyense, ngakhale amene akuti ndi adimini.

Pofika kumapeto kwa Ogasiti gulu latsopano linali ndi anthu 740. Wapampando ankafuna kufufuta la WhatsApp kuti otsalawo akakamizike. Ndinawapempha asatero, ndipo ndinapemphanso msungichuma ndi mlembi kuti asafufute gululo pa mafoni awo ngakhale foni itadzaza chotani. Timachala tija ndi mayankho ogwirana ndi mauthenga ake zili pamenepo pokha. Tinangoika kuti maadimini okha ndiwo azitumiza, ndipo maliro amalengezedwa konsekonse.

Kachitidwe ka ndalama tinakasintha pang'ono. Msungichuma tsopano amalemba dzina, ndalama ndi maliro ake mu uthenga umodzi, ndipo mlembi amatseka sipuledishiti pa mapeto a mwezi uliwonse. Mayi aja anadandaula kuti zala zawo si za ofesi, ndiye mdzukulu wawo ndi amene amalemba, iwo akutchula.

Mu Sepitembala nkhokwe inayesedwa koyamba. Bambo wina amene mkazi wake anamwalira anauzidwa ndi anthu ena kuti banja lake silinaperekepo chipepeso mu 2023, choncho silikuyenera kuthandizidwa. Mlembi anandiimbira ndili pakati pa kusintha sikirini ya kasitomala. Ndinamuuza asake dzina la malemuwo mu sipuledishiti, osati la bamboyo, chifukwa m'mabanja ambiri otumiza anali amayi. Linapezeka kanayi. Katatu panali kachala, kachinayi panalembedwa kuti umboni uli m'kope la msungichuma, tsamba 37. Anapita kukaliona kwa mayi aja kumsika, ndipo ndalama za bokosi zinatuluka madzulo omwewo.